Kamera ikuti ukwati unachitika mu 2015: kukonza madeti a zithunzi zonse nthawi imodzi

"Zikomo achimwene. Mng'ono wanga anakwatiwa pa 17 Ogasiti 2024 ndipo wojambula ndinali ine, kuyambira pa chinkhoswe cha pa 27 Julayi, ukwati weniweniwo, ndi zina za pabanja mpaka mu Okutobala. Kamerayo inakhalitsa mu sutikesi yopanda batire. M'mawa wa chinkhoswe nditaiyatsa inafunsa deti, ine pa changu ndinangodina OK. Pano zithunzi pafupifupi 1,300 zikuonetsa 2015, choyamba chili pa 1 Januwale. Ndikaziphatikiza ndi za m'mafoni a abale sizikulondolozana. Wotchi ya kamera ndinaikonza kale. Kodi ndiye kuti ndizikonza chimodzichimodzi? Ndine mlongo wanu wa ku Zomba."

Ayi achemwali, musadzivutitse choncho. Wotchi ya kamera yanu sinaime, inangoyambira pamalo polakwika. Kuchokera pomwe munadina OK yakhala ikuyenda bwinobwino, mphindi ndi mphindi, ngati munthu amene waphonya basi yoyamba koma akuyenda liwiro lomwelo ndi anzake. Chithunzi chilichonse chatsalira m'mbuyo ndi mtunda wofanana. Mukaupeza mtunda umenewo, kompyuta iuwonjezera pa zithunzi zonse musanamalize kapu ya tiyi. Ntchito yeniyeni ili pa kupeza mtundawo molondola, ndipo n'pamene ndikhalitse.

Koma tiyambe tamvana kuti deti limene tikukonza ndi liti, chifukwa chithunzi chimodzi chimakhala ndi madeti angapo. Pali la fayilo, limene Windows imaonetsa pansi pa Date modified. Limeneli ndi losadalirika, limatha kusintha mukangosunganso chithunzicho mu pulogalamu ina. Ndiye pali madeti amene kamera imalemba mkati mwa chithunzi momwemo, m'chigawo chotchedwa EXIF. Lofunika kwambiri pamenepo ndi `DateTimeOriginal`, nthawi imene munadina batani lojambulira. Windows imalitcha Date taken, ndipo mapulogalamu ambiri osanja zithunzi amatsata limeneli. Lili ndi anzake awiri, `CreateDate` ndi `ModifyDate`, amene pa chithunzi chongotuluka mu kamera amafanana nalo. Atatuwa ndiwo akunena 2015.

Wina akuuzani kuti musankhe zithunzi zonse mu Windows, mupite pa Properties, kenako Details, mulembe deti latsopano pa Date taken. Musatero. Njira imeneyo imapatsa zithunzi zonse zimene mwasankha tsiku limodzi, ndiye chinkhoswe, ukwati ndi za mu Okutobala zikhala ngati zinachitika Loweruka limodzi. Choipa kwambiri n'chakuti mwafufuta madeti olakwika aja, amene ngakhale ndi olakwika akusunga ndondomeko yonse ya masiku.

Tsopano mtunda uja. Mukanakhala kuti simunakonze wotchi ya kamera, bwenzi nkhani ili yaifupi: mukanangojambula sikirini ya foni yanu ikuonetsa deti ndi nthawi, basi chithunzi chimodzicho chikanakhala ndi nthawi ziwiri, yoona pa sikirini ndi yabodza mkati mwake. Ena amene mukuwerenga, ngati mwazindikira lero kuti kamera ikunama, jambulani foni kaye, kukonza wotchi pambuyo. Inu achemwali mwayi umenewo unapita, ndiye tifunika mboni ina.

Mboni yabwino ndi foni ya wachibale amene anajambula chinthu chimodzimodzi nthawi yomweyo ndi inu. Foni imatenga nthawi ku netiweki, kawirikawiri sinama. Funani kanthawi kachidule kosabwerezeka: pamene mkwati akuveka mphete, pamene mpeni ukulowa mu keke, pamene akusayina m'kaundula. Perekaniperekani sathandiza, amatenga maola ndipo zithunzi zake zonse zimafanana, anthu akuvina ndi ndalama m'manja. Mukufuna zithunzi ziwiri zimene dzanja la mkwati lili pamalo amodzi pa zonse ziwiri.

Apa pali pogwera. Chithunzi cha m'foni chija chisakhale chimene anakutumizirani pa WhatsApp. WhatsApp ikamatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachichepetsa ndi kuchotsa za EXIF, ndipo deti limene limaoneka pa dzina ngati `IMG-20240818-WA0012.jpg` ndi la tsiku limene chinadutsa pa WhatsApp, osati nthawi yojambula. Muuzeni mwini foniyo atsegule chithunzicho m'foni mwake momwe anajambulira, aone pa Details, akuuzeni nthawi. Kapena akutumizireni ngati Document, pamenepo fayilo imabwera yathunthu. Details nthawi zambiri imaonetsa ola ndi mphindi zokha, masekondi mudzawaona mukakhala ndi fayilo yathunthuyo pa kompyuta.

Wotchi ya pakhoma imene yalowa m'chithunzi ndimaiika pomaliza. Imakuuzani ola koma osati tsiku, ndipo mawotchi a m'maholo mumawadziwa, ena anaima kalekale pa 4 koloko ndipo palibe amene amakwera kukasintha batire. Ngati palibiretu china, igwiritseni ntchito, koma muiyese ndi chinthu china, monga nthawi imene mapemphero anayamba.

Poti mwanena kuti munayatsa kamera m'mawa wa pa 27 Julayi iyo n'kuyambira pa 1 Januwale, ndikutha kuwerenga kuti ukwati, umene unabwera patapita masiku 21, ukuoneka pa 22 Januwale 2015. Maola enieni sindingawalote, ndiye ndiika anga kuti tikhale ndi chogwirapo, inu mudzasinthe ndi anu. Tinene kuti chithunzi chanu cha mphete chikunena 2015:01:22 03:14:10, pamene cha m'foni ya azakhali chikunena 2024:08:17 11:42:30.

Maola ndi osavuta. Kuchoka pa 03:14:10 kufika pa 11:42:30 pali maola 8, mphindi 28 ndi masekondi 20. Masiku musawerenge ndi zala. Tsegulani Excel kapena Google Sheets mulembe m'kabokosi kamodzi:

```
=DATE(2024,8,17)-DATE(2015,1,22)
```

Yankho likhala 3495. Likatuluka ngati deti m'malo mwa nambala, sinthani kabokosiko kakhale Number. Mtunda wathu ndi masiku 3495, maola 8, mphindi 28, masekondi 20. Zikachitika kuti ola la pa kamera ndi lalikulu kuposa loona, mwachitsanzo kamera ikuti 20:00 pamene foni ikuti 11:00, bwerekani tsiku limodzi monga tinkachitira pa masamu ochotsera ku pulayimale: masiku achepa ndi limodzi, ndipo maola akhala 15.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangoti zaka 9, miyezi 6 ndi masiku 26, poti kuchoka pa 22 Januwale 2015 kufika pa 17 Ogasiti 2024 n'chimodzimodzi. Pa chithunzi cha mphetecho n'zoona, zifanana. Pa zithunzi za chinkhoswe zifanananso. Vuto liyamba kutsogolo, chifukwa miyezi si yofanana kutalika. Kamera yanu inadutsa mu Febuluwale wa 2015 wa masiku 28, pamene inu munali kudutsa mu Ogasiti wa masiku 31. Tengani chithunzi chimene kamera inalemba kuti 1 Malichi 2015 m'mawa. Kuchoka pa 22 Januwale ndi masiku 38, ndipo masiku 38 kuchoka pa 17 Ogasiti akutifikitsa pa 24 Seputembala. Limenelo ndiye tsiku loona. Koma mukawonjezera zaka 9 ndi miyezi 6 pa 1 Malichi mufika pa 1 Seputembala, kuwonjezera masiku 26 mufika pa 27 Seputembala. Mwapitirira ndi masiku atatu, ndipo palibe chimene chikuchenjezeni, chifukwa zithunzi za ukwati zimene mukayang'ane koyamba zidzaoneka zolondola. Ine zinandichitikirapo pa zithunzi za ntchito ina yomanga, ndinazindikira patapita miyezi, nditaona kuti madeti akuti amisiri ankathira konkire Lamlungu pamene malowo ankakhala otseka. Kuyambira pamenepo ndimawerenga masiku okhaokha. Tsiku ndi tsiku basi, lilibe lalitali kapena lalifupi.

Tisanakhudze chithunzi chilichonse, tiyese mtundawo ndi mutu. Onjezerani masiku 3495 ndi maola 8:28 pa 1 Januwale 2015, 00:00, pomwe wotchi inayambira. Mupeza Loweruka pa 27 Julayi 2024, nthawi ya 8:28 m'mawa. Dzifunseni ngati imeneyo ndi nthawi imene munaika batire muja. Ngati mukukumbukira kuti anthu anali akutereka miphika, dzuwa litakwera pang'ono, ndiye tagwirizana. Ikatuluka 2 koloko ya usiku, penapake palakwika, bwererani ku zithunzi ziwiri zija.

Chida chimene ndimagwiritsa ntchito ndi ExifTool. Anailemba ndi Phil Harvey, inatuluka koyamba mu 2003, ndi yaulere ndipo imapezeka pa exiftool.org. Ilibe mabatani, mumachita kuilembera malamulo, koma malamulo amene mukufunika ndi ochepa ndipo ndikupatsani onse. Sikhudza chithunzi chenichenicho, imangosintha zolembedwa mkati, choncho kuoneka kwa zithunzi sikutsika ngakhale pang'ono. Mukaitsitsa ya Windows imabwera mu fayilo ya `.zip`. Masulani zonse mu foda imodzi, monga `C:\exiftool`. Mupezamo `exiftool(-k).exe`, isintheni dzina ikhale `exiftool.exe`, ndipo foda ya `exiftool_files` imene yabwera nayo muisiye pambali pake pomwepo, popanda imeneyo sigwira. Kenako muli mu fodayo, dinani pamwamba pomwe palembedwa adiresi ya foda, lembani `cmd`, dinani Enter. Patseguka windo lakuda, m'menemo ndi momwe tizilemba. Ndikunena `cmd` mwadala. PowerShell imaoneka ngati yomweyo koma imamva chizindikiro cha `$` mwa njira yake, malamulo ena pansipa asokonekera.

Koperani zithunzi za mu kamera zokhazokha mu foda yatsopano, tiitche `C:\zokonza`. Zoyambirira zikhale pomwe zili, pa memore khadi kapena pa fulashi, osazikhudza mpaka ntchito itatha. Za m'mafoni zisalowemo.

Lamulo loyamba silisintha kanthu, likungotulutsa mndandanda:

```
exiftool -csv -FileName -DateTimeOriginal -ext jpg C:\zokonza > madeti.csv
```

Tsegulani `madeti.csv`, imene muipeza mu `C:\exiftool`, mu Excel, musanje potsata dzina la fayilo, mutsike nawo pang'onopang'ono. Kamera imapatsa zithunzi manambala motsatana, ndiye nambala ikamakwera deti nalonso liyenera kumapita kutsogolo. Chimene mukufufuza ndi malo pamene nambala yakwera koma deti labwerera pa 2015:01:01. Ndikufotokozereni chifukwa chake. Mu kamera muli kabatire kena kakang'ono kosunga wotchi pamene batire lalikulu lachotsedwa. Pa makamera ambiri kamatchajidwa ndi batire lalikulu lomwelo, pa ena akale ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene mumachita kusintha. Kanu kanaphwa mu sutikesi muja. Ngati kanadzukanso mutaika batire, wotchi inayenda osaduka mpaka Okutobala ndipo mtunda ndi umodzi. Koma ngati kanafa ndithu, ndiye nthawi iliyonse imene munachotsa batire kukatchaja, wotchi inkayambiranso pa 1 Januwale. Zikatero muli ndi magulu angapo a zithunzi, gulu lililonse ndi mtunda wake. Palibe njira yachidule pamenepo. Gulu lililonse lilowe mu foda yakeyake, mulipezere mboni yake, muliwerengere masiku ake. Mwanena kuti chithunzi choyamba chili pa 1 Januwale, koma onetsetsani kuti ndi za chinkhoswe zokha zimene zili pa tsiku limenelo. Mukapeza diresi la ukwati pa 1 Januwale, mwadziwa kale.

Mndandanda womwewo ukuonetsani pamene munakonza wotchi, deti lidumpha kuchoka mu 2015 kufika mu Okutobala 2024. Zithunzi za kuyambira pamenepo ndi zabwino kale.

Tinene kuti mtunda ndi umodzi. Musayambe ndi zonse 1,300. Tengani zitatu muike mu `C:\zoyesa`: cha mphete chija, chimodzi cha chinkhoswe, ndi chimodzi cha kumapeto chimene mukudziwa tsiku lake, monga tsiku lobadwa la mwana. Lembani:

```
exiftool "-AllDates+=0:0:3495 8:28:20" C:\zoyesa
```

`AllDates` ndi dzina lachidule loimira madeti atatu aja. `+=` akutanthauza kuwonjezera pa zimene zilipo kale, ndipo wotchi ikanakhala kuti inathamangira kutsogolo mukanalemba `-=`. Manambala oyamba atatu ndi zaka, miyezi ndi masiku, n'chifukwa chake awiri oyamba ndi 0. Pakatikati pali mpata umodzi, kenako maola, mphindi, masekondi. Samalani ndi chizindikiro cha `+`. Mukachiiwala n'kulemba `=` yekha, simukuwonjezeranso, mukuuza ExifTool kuti ilembe manambalawo ngati deti lenileni. Ikamaliza ikuuzani `3 image files updated`. Onani zotsatira:

```
exiftool -FileName -DateTimeOriginal -ext jpg C:\zoyesa
```

Cha mphete chiyenera kunena 2024:08:17 11:42:30, koma chimenecho sichikutsimikizira zambiri poti masamu anachokera pa icho chomwe. Umboni uli pa ziwiri zinazo, makamaka cha kumapeto. Chikagwera pa tsiku lobadwa lenileni, dzuwa la m'chithunzi n'kugwirizana ndi ola, pitirirani ku zonse:

```
exiftool -if "$DateTimeOriginal lt '2016'" "-AllDates+=0:0:3495 8:28:20" -ext jpg C:\zokonza
```

Kachigawo ka `-if` ndimakakonda kwambiri. Kakuti: gwira chithunzi chokhacho chimene deti lake lili chaka cha 2016 chisanafike. Kakutetezani kawiri. Zithunzi zimene munajambula mutakonza wotchi zidumphidwa. Ndipo magetsi akathima ntchito ili pakati, kapena mwadina Enter kawiri, mutha kulembanso lamulo lomwelo osaopa, chifukwa zimene zakonzedwa kale zili mu 2024 ndipo sizigwidwanso. Popanda kachigawo kameneka, kubwereza lamulo kukankhira ukwati wa mng'ono wanu ku 2034. Pamapeto muona mizere ngati `image files updated` ndi `files failed condition`. Wachiwiriwo usakuopseni, ndi chiwerengero cha zimene zadumphidwa. Chokhacho, ngati pa memore khadi panali zithunzi zakale zimene zinajambulidwadi mu 2015 kapena m'mbuyo mwake, zichotseni mu fodayo musanayambe, lamuloli silingazisiyanitse. Ngati zithunzi zili m'mafoda ang'onoang'ono mkati mwa `C:\zokonza`, onjezerani `-r` kuti ilowe monsemo. Pa Mac kapena Linux sinthanitsani zizindikiro zotsekera za pa `-if`, za kamodzi kunja, za kawiri mkati.

Mukayang'ana mu foda mupeza kuti mafayilo achuluka. ExifTool imasunga chithunzi chakale chilichonse powonjezera `_original` ku dzina lake, monga `IMG_0412.JPG_original`. Izi zikutanthauza kuti malo amene fodayo ikudya awirikiza kawiri. Zithunzi 1,300 za mamegabayiti 6 chilichonse ndi pafupifupi magigabayiti 8, ndiye pakhale ena 8 opanda kanthu. Mukaona kuti mwalakwitsa, kubwerera n'kosavuta:

```
exiftool -restore_original C:\zokonza
```

Mukakhutira, patapita masiku mutazionaona, `-delete_original` m'malo mwa `-restore_original` ichotsa zosungidwazo, ndipo imayamba yafunsa kaye. Pa intaneti mupeza malamulo ambiri okhala ndi `-overwrite_original`, amene sasunga chakale. Kwa munthu amene akuchita koyamba sindingalimbikitse.

Ngati pali zithunzi zina zimene munazikonza kale mu pulogalamu yokongoletsera zithunzi, monga kudula m'mbali kapena kuwalitsa, muzipatule mu `C:\zokongoletsa` musanalembe lamulo lalikulu lija. Pa zimenezo `ModifyDate` nthawi zambiri imakhala italembedwanso ndi kompyuta, ili kale mu 2024, ndipo `AllDates` iikankhira ku 2034. Pa izo sunthani awiri okha:

```
exiftool "-DateTimeOriginal+=0:0:3495 8:28:20" "-CreateDate+=0:0:3495 8:28:20" C:\zokongoletsa
```

Ngati munkajambulanso mafayilo aakulu osaphika aja, a `.CR2` kapena `.NEF`, onjezerani `-ext cr2` kapena `-ext nef` pa lamulo lalikulu lija kuti ayendere limodzi ndi anzawo a `.jpg`.

Chatsala ndi deti la fayilo. ExifTool ikalemba chithunzi, Date modified imakhala ya lero. Mapulogalamu ena, ndi mawayilesi akanema amene amaonetsa zithunzi za pa fulashi, amasanja potsata limeneli. Lifananitseni ndi nthawi yojambula:

```
exiftool "-FileModifyDate<DateTimeOriginal" -ext jpg C:\zokonza
```

Tsopano phatikizani ndi za m'mafoni mu foda imodzi. Mu Windows sankhani kuona kwa Details, dinani kumanja pa mitu ya mizati muwonjezere Date taken, musanje potsata imeneyo. Apa ndi pamene muone ngati munalondola, chifukwa zithunzi zanu ndi za abale ziyenera kulukana: mkwatibwi akutsika m'galimoto pa foni, pa kamera, pa foninso. Mukaona kuti pa kamera keke yadulidwa kale koma chithunzi chotsatira cha foni ikadali yathunthu, mwasiyana mphindi zingapo. Sunthaninso pang'ono, mwachitsanzo `"-AllDates+=0:0:0 0:3:0"` pa mphindi zitatu, ulendo uno opanda `-if` uja, ndipo mu foda ya zithunzi za kamera zokha zimene zinali mu 2015. Mphindi imodzi kapena ziwiri pa zithunzi za mu Okutobala musalimbane nazo, wotchi ya kamera imatsalira kapena kuthamanga pang'ono pa miyezi. Zimene zinadutsa pa WhatsApp zidzakhala zopanda Date taken ndipo zidzaunjikana kumapeto kumodzi. Limenelo ndi vuto lina, mankhwala ake ndi kupempha eni ake mafayilo oyambirira.

Mukasiyana ndi maola awiri enieni, osapitirira osachepera, ganizirani za UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo. Malawi ali maola awiri patsogolo pake. Pa zithunzi izi sizivuta kawirikawiri, poti `DateTimeOriginal` imangolemba nthawi ya pamalopo. Zimavuta pa mavidiyo. Mafayilo a `.mp4` ndi `.mov` amayenera kusunga nthawi ya UTC, mafoni amatero, koma makamera ambiri amangolemba ya pa wotchi yawo. Ndiye vidiyo musaiphatikize ndi zithunzi. Yesani imodzi payokha, muyambe mwaona madeti onse amene ili nawo:

```
exiftool -time:all -a -G1 -s MVI_0420.MOV
```

Mupeza kuti kupatula `CreateDate` ndi `ModifyDate` palinso `TrackCreateDate`, `MediaCreateDate` ndi anzawo, amene `AllDates` siwakhudza, mumachita kuwatchula mayina. Mukasuntha, tsegulani vidiyoyo mu pulogalamu imene muzionera, ndipo ikasiyana ndi maola awiri, chotsani kapena onjezani maolawo pa mavidiyo okha. Makamera ena amajambula `.MTS` kapena `.AVI`. Amenewa ExifTool imatha kuwawerenga koma siwalemba mkati. Chimene ndimachita ndi kungosuntha deti la fayilo ndi `-FileModifyDate+=` ndi kuika tsiku pa dzina.

Mwina windo lakudalo lakuopsani. Zilipo njira za mabatani. Mu Lightroom Classic mumasankha zithunzi zonse, kupita pa Metadata, kenako Edit Capture Time, n'kulemba nthawi yoona ya chithunzi chimodzi chimene chili patsogolo, zinazo zimasuntha ndi mtunda womwewo. Photos ya pa Mac ili ndi Adjust Date and Time imene imachita chimodzimodzi. Google Photos pa kompyuta ili ndi Edit date & time, ndipo mukasankha zambiri imakupatsani Shift dates & times. Ubwino wa njirazi ndi wakuti masamu a masiku imachita yokha, inu mumangofunika chithunzi cha mboni chija. Koma ya Google ndili nayo chifukwa. Imasintha deti m'kaundula wake wokha, fayilo yeniyeniyo imakhalabe ndi 2015 mkati. Tsiku limene mudzatsitse zithunzizo kuti muikire mng'ono wanu pa fulashi, 2015 idzabweranso. Ndipo ngati munakweza kale zolakwikazo ku Google Photos, mukakweza zokonzedwa idzaziona ngati zatsopano, mudzakhala ndi ziwiriziwiri, bandulo nayo itapita. Konzani pa kompyuta, chotsani zakale kumeneko, kenako kwezani kamodzi.

Chinthu chimodzi chimene palibe lamulo lingakonze ndi deti losindikizidwa pa chithunzi penipenipo, manambala achikasu aja a pakona. Ngati kamera yanu inali itatcheredwa kutero, 2015 ameneyo ali m'chithunzi ngati mmene mulili nkhope za anthu. Mungamudule m'mbali kapena kumufufuta pamanja pa zithunzi zochepa zimene mukufuna kutsukitsa, zinazo zisiyeni.

Za kamerayo, poti wotchi munaikonza, isiyeni ndi batire lodzaza mkati kwa masiku awiri kapena atatu kuti kabatire kakang'ono kaja katchajike. Kenako chotsani batire lalikulu kwa mphindi khumi, libwezereni, muyatse. Ikafunsanso deti, kabatireko kanatha, ndipo mpaka mutakasintha muziyamba tsiku lililonse lojambula ndi chithunzi cha sikirini ya foni yanu, ndi chinanso nthawi iliyonse mwasintha batire.